Mafunso ndi mayankho: kuwerenga TSH ndi FT4 pofuna kudziwa kumene kufooka kwa chithokomiro kwachokera

Pa mayeso a maphunziro a mahomoni, funso lokhudza chithokomiro chofooka kawirikawiri limabwera ndi manambala awiri kapena atatu, kenako limafunsa kumene vuto lili. Likakhala m'chithokomiro momwemo limatchedwa la pulayimale, ndipo likakhala kumtunda, m'kachiwalo ka pityuwitale kamene kali pansi pa ubongo, limatchedwa la sekondale. Mayina awiriwa sakukhudzana ndi sukulu, komanso sakutanthauza kuti vuto limodzi ndi laling'ono kuposa linzake, amangosonyeza malo amene chinthu chawonongekera.

Kodi n'chifukwa chiyani manambala awiri okha angathe kusonyeza malo a vuto?

Chifukwa chake n'chakuti chithokomiro sichidzilamulira chokha. Gawo la ubongo lotchedwa haipothalamasi limatulutsa homoni ya TRH, imene imauza pityuwitale kuti itulutse TSH, ndipo TSH ndi imene imauza chithokomiro kuti chipange mahomoni ake awiri, T4 ndi T3. Mahomoni a chithokomirowa akachuluka m'magazi, pityuwitale imachepetsa TSH, ndipo akachepa, imayiwonjezera. Tingayerekeze pityuwitale ndi kapitawo amene amayang'anira wantchito mmodzi: ntchito ikamayenda bwino amalankhula motsitsa, koma ikayima amayamba kukuwa.

Tsono mukapeza kuti ntchito yayima, kutanthauza kuti FT4 yatsika, funso loyamba ndi lakuti kapitawo uja akutani. Ngati akukuwa, ndiye kuti iye ali bwino ndipo wafooka ndi wantchitoyo. Ngati wangokhala chete, kapena akulankhula ngati kuti zonse zili m'malo mwake, ndiye kuti wodwala ndi kapitawoyo. FT4 ndi gawo la T4 limene silinamangidwe ku mapuloteni a m'magazi, ndipo ndi limene limayezedwa pofuna kudziwa mahomoni amene thupi lingathe kugwiritsadi ntchito.

Nanga vuto la pulayimale limaoneka bwanji papepala la zotsatira?

TSH imakhala yokwera ndipo FT4 imakhala yotsika. Malire a zotsatira amasiyana malinga ndi makina a labotale, koma pofotokoza pano titenga malire ofanana ndi amene amaikidwa m'mafunso ambiri: TSH kuyambira 0.4 kufika 4.0 mU/L, ndi FT4 kuyambira 10 kufika 22 pmol/L. Munthu wokhala ndi TSH ya 48 mU/L ndi FT4 ya 6 pmol/L ali ndi vuto la pulayimale popanda chikayiko.

Taonani kukula kwa kusiyanako. FT4 yangotsika ndi manambala ochepa pansi pa malire, koma TSH yadutsa malire ake kuwirikiza kakhumi ndi kawiri. Umu ndi mmene pityuwitale yathanzi imachitira: FT4 ikatsika pang'ono chabe, TSH imakwera mowirikiza kambiri. Mfundo imeneyi musaiiwale, chifukwa ndi imene idzakuthandizeni pa mafunso ovuta amene tikambirane kutsogoloku.

Odwala ochuluka zedi amene chithokomiro chawo chafooka ali m'gulu limeneli. Zoyambitsa zake zodziwika ndi kusowa kwa ayodini m'zakudya, matenda a Hashimoto amene chitetezo cha thupi chimaukira chithokomiro, opaleshoni yochotsa chithokomiro, komanso mankhwala monga lithiyamu ndi amiyodaroni. Matenda a Hashimoto anafotokozedwa koyamba ndi dokotala wa ku Japan, Hakaru Hashimoto, mu 1912, ndipo m'funso la mayeso amazindikiridwa ndi zotsatira zokwera za anti-TPO, asilikali a chitetezo cha thupi oukira chithokomiro. Khosi lotupa nalonso limaloza ku vuto la pulayimale, popeza TSH yambiri ndi imene imakulitsa chithokomiro.

Bwanji ngati TSH yakwera koma FT4 ili m'malire?

Limeneli ndi vuto la pulayimale lomwelo, koma lidakali koyambirira kapena ndi lochepa mphamvu. Pityuwitale yaona kale kuti chithokomiro chayamba kutopa ndipo ikuchikankha kuti FT4 isatsike. Mafunso ambiri amafuna kuti mudziwe kuti zotsatira zoterezi zimabwerezedwa pakapita miyezi iwiri kapena itatu, ndiponso kuti TSH yopitirira 10 mU/L ndi imene imapangitsa madokotala ambiri kuyamba mankhwala.

Kodi pa vuto la sekondale TSH imakhala yotsika nthawi zonse?

Ayi, ndipo apa ndi pamene ophunzira ambiri amagwera. Anthu amaloweza kuti sekondale ndi TSH yotsika ndi FT4 yotsika, kenako akakumana ndi TSH ya 1.8 mU/L amaganiza kuti pityuwitale ilibe mlandu. Zoona zake n'zakuti pa vuto la sekondale FT4 imakhala yotsika, pamene TSH ikhoza kukhala yotsika, ikhoza kukhala m'malire, ndipo nthawi zina imakwera pang'ono.

Malire a TSH amene amalembedwa papepala anatengedwa kwa anthu amene FT4 yawo ili bwino. Choncho TSH ya 1.8 ndi yoyenera kwa munthu amene FT4 yake ndi 16, koma kwa munthu amene FT4 yake ndi 6, nambala yomweyo ikusonyeza kulephera, chifukwa pityuwitale yamoyo ikanakhala itakweza TSH kufika pa 30, 50 kapena kupitirira apo. Kapitawo amene akulankhula modekha ntchito itayima sali bwino, ngakhale mawu ake akumveka ngati a masiku onse. N'chifukwa chake TSH siweruzidwa poyang'ana malire ake okha, koma poyang'ana FT4 imene yayezedwa limodzi nayo.

Palinso chifukwa china chimene TSH imaonekera ngati ili bwino. Homoni imeneyi ndi puloteni yokhala ndi tinthambi ta shuga, ndipo TRH imathandiza kuti tinthambito tiikidwe moyenera. Haipothalamasi kapena pityuwitale ikadwala, pamatuluka TSH yopangidwa molakwika, imene makina a labotale amatha kuiwerenga koma ili ndi mphamvu zochepa zodzutsira chithokomiro. Motero papepala nambala imaoneka yokwanira, kapenanso yokwera pang'ono monga 6 mU/L, pamene m'thupi ntchito yake ndi yochepa.

Tsono TSH ya 6 ndi FT4 yotsika kwambiri ndi pulayimale kapena sekondale?

Funsoli ndi labwino chifukwa lilibe yankho loloweza. Yerekezani kukula kwa manambala awiriwo. FT4 ikakhala 9.5 pmol/L, kungotsika pang'ono chabe, ndipo TSH ili 6, mwina ndi pulayimale yongoyamba kumene, ngakhale kuti sekondale singanyalanyazidwe. Koma FT4 ikakhala 5 pmol/L ndipo TSH yangofika pa 6, kukwerako n'kochepa kwambiri poyerekeza ndi mmene FT4 yatsikira, ndipo muyenera kukayikira pityuwitale kapena haipothalamasi. Zikatero mbiri ya wodwalayo ndi imene imagamula: mutu wopweteka, kusaona bwino chakumbali kwa maso onse awiri, kusiya kusamba nthawi isanakwane, kutha kwa chilakolako cha kugonana, kapena mbiri yakuti anachitidwapo opaleshoni kapena kuwotchedwa ndi cheza m'mutu.

Mungapereke chitsanzo cha funso lathunthu ndi mmene lingayankhidwire?

Tiyerekeze mayi wa zaka 34 amene wabwera akudandaula za kutopa, kumva kuzizira nthawi zonse ndi kudzimbidwa. Zaka zitatu zapitazo anataya magazi ambiri pobereka mpaka anachita kuikidwa magazi ena. Mkaka wa m'mawere sunatuluke, ndipo kuyambira nthawi imeneyo sanasambenso. Khosi lake silinatupe, khungu ndi lotuwa, tsitsi la m'khwapa linathothoka, ndipo akaimirira amamva chizungulire. Zotsatira zake ndi izi:

TSH 1.8 mU/L (0.4 mpaka 4.0)
FT4 6 pmol/L (10 mpaka 22)
Sodiyamu 128 mmol/L (135 mpaka 145)
Potaziyamu 4.1 mmol/L (3.5 mpaka 5.0)

Yambani ndi FT4, osati TSH. FT4 ndi yotsika, choncho mahomoni a chithokomiro ndi ochepa m'thupi, ndipo zizindikiro zake zikugwirizana ndi zimenezo. Kenako funsani kuti TSH inayenera kukhala yotani. Inayenera kukwera kwambiri, koma sinakwere, choncho vuto lili kumtunda. Pomaliza fufuzani chifukwa chake m'mbiri. Pa nthawi ya pakati pityuwitale imakula, ndipo magazi akatayika kwambiri pobereka, mbali yake ya kutsogolo imatha kufa chifukwa chosowa magazi. Amenewa ndi matenda a Sheehan, amene dokotala wa ku Britain, Harold Sheehan, anawafotokoza mu 1937. Kusatuluka kwa mkaka kukusonyeza kuti pulolakitini, homoni yopangitsa mkaka, inasowa, ndipo kusiya kusamba kukusonyeza kuti LH ndi FSH, mahomoni a pityuwitale oyendetsa msambo, zinasowanso.

Olemba mayeso sakonda kuimira pamenepa. Amafunsa kuti chotsatira n'chiyani, ndipo pakati pa mayankho amaikapo lokopa lakuti mayiyu ayambe kumwa levothayirokisini, mankhwala olowa m'malo mwa T4. Yankho limenelo ndi lolakwika, ndipo kuchipatala lingathe kupha munthu. Pityuwitale yomwe yalephera kupanga TSH ikhoza kukhala italepheranso kupanga ACTH, homoni imene imalamula tiziwalo ta adirino, tokhala pamwamba pa impso, kuti tipange kotisolo, homoni yothandiza thupi kupirira likapanikizika. Levothayirokisini amafulumizitsa ntchito zonse za thupi, amawonjezera kotisolo amene thupi likufuna, komanso amachititsa kuti kotisolo wochepa amene alipoyo awonongeke msanga m'chiwindi. Zotsatira zake, kuthamanga kwa magazi kumatsika mwadzidzidzi ndipo wodwala amatha kukomoka.

Choyenera ndi kuyeza kotisolo wa m'mawa, cha m'ma 8 kapena 9 koloko. Tiyerekeze kuti kwa mayiyu wapezeka 60 nmol/L, amene ndi wotsika moti palibe chikayiko kuti akusowa. Ayambe haidirokotizoni, mankhwala olowa m'malo mwa kotisolo, ndipo levothayirokisini abwere pambuyo pake. Wodwala akakhala kuti wafooka kwambiri, magazi amatengedwa kaye ndipo haidirokotizoni amaperekedwa nthawi yomweyo osadikira zotsatira. Pambuyo pake amayeza mahomoni ena onse a pityuwitale ndi kujambula MRI ya kachiwaloko.

Potaziyamu uja sanaikidwe mwangozi. Pa matenda a Addison, pamene tiziwalo ta adirino tomweto ndi timene tawonongeka, aludositeroni, homoni yothandiza kutulutsa potaziyamu m'thupi, imasowanso ndipo potaziyamu amakwera, komanso khungu limada chifukwa cha kuchuluka kwa ACTH. Kwa mayi wathuyu potaziyamu ali bwino ndipo khungu ndi lotuwa, zimene zikutsimikiziranso kuti gwero la zonse ndi pityuwitale.

Kodi kuyeza T3 kungathandize kusiyanitsa mitundu iwiriyi?

Sikuthandiza kwenikweni. Mahomoni akayamba kuchepa, thupi limayesetsa kusunga T3 posandutsa T4 yambiri kukhala T3, moti T3 imatha kukhalabe m'malire ngakhale chithokomiro chafooka ndithu. Komanso T3 imatsika mosavuta pa matenda ena alionse aakulu ndi pa njala. Mukaiona m'funso la chithokomiro chofooka, nthawi zambiri yaikidwa kuti ikulozereni ku chinthu china.

Kodi FT4 yotsika ndi TSH yosakwera zimatanthauza matenda a pityuwitale nthawi zonse?

Ayi. Pali zinthu zingapo zimene zimatulutsa manambala ofananawo, ndipo chachikulu pa zonse ndi kudwala kwambiri. Munthu amene wagonekedwa m'chipinda cha odwala mwakayakaya chifukwa cha tizilombo tolowa m'magazi, matenda a mtima kapena ngozi yaikulu, T3 yake imatsika poyamba, ndipo matenda akakula T4 imatsikanso, pamene TSH imakhala m'malire kapena yotsika pang'ono. Thupi limachita dala zimenezi pochepetsa ntchito zake, ndipo chithokomiro ndi pityuwitale zimakhala zilibe chilema. Chozindikirira chimene mafunso amakonda ndi rT3, mtundu wa T3 wopanda mphamvu, umene umakwera pa kudwala kotereku koma umatsika kapena kukhala m'malire chithokomiro chikafookadi. Wodwalayo akayamba kuchira, TSH imatha kukwera kwa kanthawi mpaka pafupifupi 20 mU/L, ndipo amene sadziwa mbiri yake angaganize kuti ndi pulayimale. Yankho loyenera pa funso lotere kawirikawiri ndi kubwereza kuyezako pakatha milungu isanu ndi umodzi kapena kuposerapo munthuyo atachira, pokhapokha ngati pali zizindikiro zina zoloza ku pityuwitale.

Chachiwiri ndi mankhwala. Dopamini woperekedwa m'mitsempha ndi mankhwala a gulu la kotisolo, monga pulediniso wambiri, amapondereza TSH. Fenitoini ndi kabamazepini, mankhwala a khunyu, amatsitsa T4 pamene TSH imakhala m'malire. Munthu amene akumwa T3 yokhayokha amakhala ndi TSH yotsika ndi FT4 yotsika, koma T3 yake imakhala m'malire kapena yokwera, ndipo apa ndi pamodzi mwa malo ochepa amene T3 imathandiza.

Chachitatu ndi chimene ine ndimaona kuti chimaiwalika kwambiri. Munthu amene chithokomiro chake chinali chikugwira ntchito mopitirira muyezo, monga pa matenda a Graves, pityuwitale yake imakhala itaponderezedwa kwa nthawi yaitali. Akapatsidwa kabimazo kapena ayodini wa cheza pofuna kuchepetsa ntchito ya chithokomirocho, FT4 ikhoza kutsika mpaka pansi pa malire pamene TSH idakali pafupi ndi ziro, chifukwa pityuwitale imatenga milungu kapena miyezi kuti idzuke. Manambala amaoneka ngati a sekondale, koma chimene chachitika n'chakuti mankhwala apitirira, ndipo mlingo wake umasinthidwa poyang'ana FT4.

Bwanji ngati funso lapereka T4 yonse m'malo mwa FT4?

Chenjerani. T4 yoposa 99 peresenti imakhala yomangidwa ku mapuloteni, makamaka TBG. Puloteni imeneyi ikachepa, monga pa matenda a impso otaya mapuloteni mumkodzo kapena mwa munthu wobadwa nayo yochepa, T4 yonse imatsika pamene TSH ndi FT4 zili bwino. Munthuyo sakudwala chithokomiro, ndipo yankho ndi kuyeza FT4.

Ngati pulolakitini yakwera ndipo MRI yasonyeza pityuwitale yokula, kodi si sekondale imeneyo?

Yang'anani TSH musanagamule. Pa vuto la pulayimale lomwe lakhalitsa osachizidwa, haipothalamasi imatulutsa TRH yambiri, ndipo TRH imadzutsa maselo opanga TSH pamodzi ndi opanga pulolakitini. Maselo opanga TSH amachulukana mpaka pityuwitale imatupa n'kuoneka ngati chotupa pachithunzi, pamene mayi amatha kutuluka mkaka ndi kusiya kusamba. Koma TSH yake imakhala yokwera kwambiri, mwina kupitirira 100 mU/L, ndipo FT4 imakhala yotsika. Ameneyu safunika opaleshoni ya m'mutu. Akayamba levothayirokisini, pulolakitini imatsika ndipo kutupako kumaphwa pakapita miyezi.

Zimasiyana ndi chotupa chenicheni chimene chapanikiza pityuwitale, pamene pulolakitini imathanso kukwera koma TSH siyikwera mogwirizana ndi kutsika kwa FT4. Kwa mayi wachikulire amene anasiya kusamba, FSH imathandiza kwambiri: pa msinkhu umenewo iyenera kukhala yokwera, choncho ikapezeka yotsika, pityuwitale yafooka.

Kodi pityuwitale ndi haipothalamasi zimasiyanitsidwa bwanji, ndipo kuyeza pobaya TRH kukadali kofunika?

Vuto likachokera ku haipothalamasi ena amalitcha la gawo lachitatu, koma TSH ndi FT4 zake zimafanana ndi za sekondale, ndipo mitundu iwiriyi imaikidwa pamodzi monga vuto lochokera kumtunda. Kale ankabaya mamayikilogalamu 200 a TRH m'mtsempha n'kuyeza TSH asanabaye, pa mphindi 20 ndi pa mphindi 60. Pityuwitale ikawonongeka TSH sikwera kwenikweni. Haipothalamasi ikawonongeka TSH imakwera mochedwa, moti ya pa mphindi 60 imaposa ya pa mphindi 20. Pa pulayimale imakwera mopyola muyezo. Masiku ano kuyeza kumeneku sikuchitika kawirikawiri chifukwa zotsatira za magulu awiri oyambawo zimalowerana ndipo MRI imaonetsa malo a vuto bwinopo, koma m'mafunso a mayeso kumapezekabe.

Wodwala akayamba mankhwala, ndi nambala iti imene imatsatidwa?

Pa pulayimale nambala imene imatsatidwa ndi ya TSH. Munthu wamkulu wopanda matenda a mtima amafuna pafupifupi mamayikilogalamu 1.6 pa kilogalamu iliyonse ya thupi lake patsiku, pamene okalamba ndi odwala mtima amayamba ndi mlingo wochepa, monga mamayikilogalamu 25 patsiku. Levothayirokisini amatenga pafupifupi masiku 7 kuti theka lake lichoke m'magazi, n'chifukwa chake kuyeza kumabwerezedwa pakatha milungu 6 mpaka 8 mlingo ukasinthidwa.

Pa sekondale TSH singagwiritsidwe ntchito motero, popeza kachiwalo kopanga TSH ndi komwe kakudwala. Tibwerere kwa mayi uja, amene akulemera makilogalamu 60 ndipo mlingo wake wathunthu ndi pafupifupi mamayikilogalamu 100. Patapita miyezi itatu, TSH yake yapezeka 0.05 mU/L ndipo FT4 ili 18 pmol/L, iye akumva bwino, mtima ukugunda mwadongosolo ndipo sakunjenjemera. Funso likafunsa chochita, ambiri amathamangira kuchepetsa mankhwala poona TSH yotsikayo. Kumeneko n'kulakwitsa, chifukwa pityuwitale yofooka imasiyiratu kutulutsa TSH ngakhale pa mlingo wochepa wa mankhwala. Cholinga ndi chakuti FT4 ikhale m'theka lakumtunda la malire, amene pa malire athu aja ndi kuyambira 16 kufika 22 pmol/L, ndipo magazi atengedwe asanamwe piritsi la tsikulo. FT4 ya 18 ili pamalo pake, choncho mlingo usasinthidwe. Ikanakhala 11 pmol/L ndipo mayiyo akadatopabe, mlingo ukanawonjezeredwa ngakhale TSH ili 0.05 yomweyo.

N'chifukwa chiyani vuto la sekondale limatha zaka lisanazindikiridwe?

Malabotale ambiri amayamba ndi kuyeza TSH yokha, ndipo amawonjezera FT4 pokhapokha TSH ikatuluka m'malire. Njira imeneyi imagwira bwino pa pulayimale, imene ndi yofala kwambiri, koma mayi wa matenda a Sheehan uja, ndi TSH yake ya 1.8, akanauzidwa kuti chithokomiro chake chili bwino n'kubwerera kunyumba. Chala chimodzi sichiswa nsabwe. Choncho funso likatchula munthu wa zizindikiro za chithokomiro chofooka, TSH yake ili m'malire, koma ali ndi mbiri ya chotupa cha pityuwitale, kuvulala m'mutu, cheza cha m'mutu kapena kutaya magazi pobereka, ndipo FT4 sinatchulidwe paliponse, chotsatira ndi kupempha FT4 mwachindunji papepala la ku labotale, pamodzi ndi kotisolo wa m'mawa.